Mtengo weniweni wa ngongole: "4 peresenti pamwezi" imakhala zingati pachaka?

Mabungwe obwereketsa ndalama kwa ochita geni, alimi ndi ogwira ntchito amakonda kutchula chiwongoladzanja chawo pamwezi. Pazikwangwani ndi m'mapepala awo pamalembedwa 3 peresenti, 4 peresenti kapena 5 peresenti, manambala omveka opepuka kwa munthu amene anazolowera kumva za katapila. Nambala imeneyi nthawi zambiri si yabodza, koma ndi chidutswa chabe cha mtengo wa ngongoleyo. Mtengo wathunthu umadziwika munthu akayang'ana zinthu zitatu: ndalama imene walandiradi m'manja, ndalama zonse zimene adzatulutse mpaka ngongole kutha, ndi nthawi imene ndalama ya eniyo yakhala m'manja mwake. Zitatuzi zikaikidwa pamodzi n'kuwerengedwa pa miyezi 12, zimapereka mtengo wa pachaka, umene m'mapepala ena umalembedwa ndi zilembo zakuti APR. Umenewu ndiwo muyeso wokhawo wotheka kufananitsira ngongole ziwiri zosiyana kukula, nthawi ndi kabwezedwe.

Anthu ambiri akafuna kudziwa mtengo wa pachaka amangochulukitsa chiwongoladzanja cha pamwezi ndi 12, n'kupeza kuti 4 peresenti ndi 48 peresenti pachaka. Yankho limeneli limakhala loona pokhapokha ngati chiwongoladzanja chikuwerengedwa pa ndalama yotsala, palibe china chodulidwa, ndiponso palibe ndalama yosungitsa. Ngongole zambiri zing'onozing'ono sizikhala choncho. Pofuna kuona mmene mtengo umakwerera, nkoyenera kutsata ngongole imodzi kuyambira tsiku losaina mpaka tsiku lomaliza kubweza.

Ngongole ya K300,000 pa miyezi 6

Chitsanzo chake ndi cha mayi wogulitsa kaunjika pamsika, amene wabwereka K300,000 kuti awonjezere mpamba. Bungwe lamuuza kuti chiwongoladzanja ndi 4 peresenti pamwezi ndipo adzabweza m'miyezi 6. Ofisala wa ngongole wawerengera motere: 4 peresenti ya K300,000 ndi K12,000, ndipo pa miyezi 6 ikukwana K72,000. Ndalama yobwerekayo ikagawidwa pa 6, mwezi uliwonse akubweza K50,000. Kuphatikiza ziwirizi, mayiyu azipereka K62,000 mwezi ndi mwezi, ndipo pomaliza adzakhala atapereka K372,000.

Kawerengedwe kameneka kamatchedwa ka fulati. Chizindikiro chake n'chakuti chiwongoladzanja chimawerengedwa pa ndalama yonse imene munthu anabwereka pachiyambi, ndipo sichitsika ngakhale ngongole ikutha. Apa ndi pamene pagona gawo lalikulu la mtengo wobisika. Mayiyu wakhala ndi K300,000 mwezi woyamba wokha. Mwezi wachiwiri watsala ndi K250,000 ya bungwe, wachitatu K200,000, kenako K150,000, K100,000, ndipo mwezi womaliza watsala ndi K50,000 basi. Komabe miyezi yonseyi akulipira K12,000. Mwezi woyamba K12,000 imeneyi ndi 4 peresenti ndithu, koma mwezi wachitatu yasanduka 6 peresenti ya ndalama imene ali nayo, mwezi wachisanu ndi 12 peresenti, ndipo mwezi womaliza ndi 24 peresenti. Zili ngati munthu amene akuchita lendi nyumba ya zipinda 6, mwezi uliwonse n'kumabweza chipinda chimodzi kwa mwininyumba, koma lendi osatsika mpaka atatsala ndi chipinda chimodzi.

Kawerengedwe kena ndi kotsika, kamene mabanki amagwiritsa ntchito kawirikawiri. Pamenepa chiwongoladzanja chimawerengedwa pa ndalama imene yatsala. Pa ngongole yomweyi, 4 peresenti yotsika ikanakhala K12,000 mwezi woyamba, K10,000 wachiwiri, K8,000 wachitatu, n'kumatsikabe mpaka K2,000 mwezi womaliza. Zonse pamodzi zikanakwana K42,000. Kusiyana kwa K72,000 ndi K42,000 ndi K30,000, chonsecho mabungwe onse awiri akanalemba nambala yofanana pachikwangwani. N'chifukwa chake funso loyamba pa ngongole iliyonse liyenera kukhala lakuti chiwongoladzanjacho ndi cha fulati kapena chotsika. Ngati ofisala sakuyankha momveka, yankho limapezeka pochulukitsa: ndalama yobwereka, kuchulukitsa ndi peresenti, kuchulukitsanso ndi miyezi. Zikafanana ndendende ndi chiwongoladzanja chonse cholembedwa pamgwirizano, ndiye kuti ndi cha fulati.

Kuti mtengo wa fulati udziwike pachaka, pafunika kupeza ndalama imene wobwereka amakhala nayo pakatikati pa nthawi yonseyo. Njira yake ndi yophatikiza ndalama ya mwezi woyamba ndi ya mwezi womaliza n'kugawa pawiri. Pano K300,000 ndi K50,000 zikupereka K350,000, ndipo theka lake ndi K175,000. Ndiye kuti mayiyu walipira K72,000 pogwiritsa ntchito K175,000 kwa theka la chaka. Imeneyi ndi 41 peresenti pa miyezi 6, kutanthauza 82 peresenti pachaka. Palibe chimene chadulidwa, palibe chindapusa, koma 48 peresenti ija yakwera kale kufika pa 82 chifukwa cha kawerengedwe kokha.

Ndalama zodulidwa ngongole isanafike m'manja

Kawirikawiri wobwereka salandira ndalama yonse imene yalembedwa pafomu. Pamakhala ndalama yoyendetsera mapepala, imene bungwe limadula tsiku lomwelo, komanso inshuwalansi yoti wobwereka akamwalira ngongole isatsalire abale. Malo ena pamakhalanso ndalama ya fomu, ya kabuku, ya umembala kapena ya maphunziro amene gulu limalandira lisanapatsidwe ngongole. Pa chitsanzo chino, ndalama ya mapepala ndi 5 peresenti, imene ndi K15,000, ndipo inshuwalansi ndi 1 peresenti, imene ndi K3,000. Mayi uja akutuluka mu ofesi ndi K282,000, koma chiwongoladzanja chikuwerengedwabe pa K300,000, ndipo adzabwezanso K300,000 yonse.

Ndalama zimenezi sizitchedwa chiwongoladzanja, n'chifukwa chake sizioneka pachikwangwani, koma m'thumba la wobwereka zimapweteka chimodzimodzi. Lamulo la kawerengedwe ndi losavuta: ndalama iliyonse imene munthu sakanapereka akanapanda kutenga ngongoleyo ndi gawo la mtengo wake, kaya ikhale ndi dzina lanji. Inshuwalansi ili ndi ubwino wake, makamaka kwa banja lotsala, koma ngati ndi yokakamiza iyenera kuwerengedwa. Choncho mtengo wa ngongole ya mayi uja si K72,000 koma K90,000. Ikagawidwa ndi K175,000 ija ikupereka 51 peresenti ndi pang'ono pa miyezi 6, ndipo pachaka ikufika pa 103 peresenti.

Ndalama yodulidwa kamodzi imalemera kwambiri ngongole ikakhala ya nthawi yochepa. Kudula 6 peresenti pa ngongole imene munthu akhale nayo chaka chathunthu kumawonjezera 6 peresenti pachaka. Kudula 6 peresenti yomweyo pa ngongole ya mwezi umodzi kumawonjezera 72 peresenti pachaka, chifukwa amene amabwereka mwezi ndi mwezi amadulidwa ka 12. Izi zimakhudza kwambiri anthu amene akangomaliza ngongole amatenganso ina, komanso amene amawonjezera ngongole pamwamba pa ina isanathe. Nthawi iliyonse imene fomu yatsopano yasainidwa, ndalama ya mapepala imadulidwanso, ndipo nthawi zina imadulidwa pa ngongole yonse, kuphatikizapo gawo limene langopita kukatseka ngongole yakale.

Ndalama yosungitsa ngati chikole

Mabungwe ambiri obwereketsa kumagulu amafuna kuti wobwereka asungitse ndalama ina, imene sangaitape mpaka atamaliza kubweza. Ena amati dipoziti, ena amati chikole. Wobwereka amaiperekeratu kuchokera m'thumba mwake, kapena imadulidwa pa ngongole yomweyo. Popeza imadzabwezedwa, anthu ambiri saiwerengera ngati mtengo, ndipo n'zoona kuti siiwonjezera kanthu pa K90,000 ija. Chimene imachita ndi kuchepetsa ndalama imene ikugwira ntchito pageni, pamene chiwongoladzanja chikulipiridwa pa ndalama yonse.

Ngati mayi uja wasungitsa 10 peresenti, imene ndi K30,000, ndalama imene wapita nayo kokaoda ndi K252,000. Mwezi uliwonse ndalama ya bungwe imene ili m'manja mwake ndi yochepera ndi K30,000 kusiyana ndi imene yalembedwa m'kabuku. Ndalama ya pakatikati yatsika kuchoka pa K175,000 kufika pa K145,000. Mwezi womaliza amaoneka ngati ali ndi ngongole ya K50,000, koma bungwe likusunga K30,000 yake, kotero ngongole yeniyeni ndi K20,000, ndipo pa K20,000 imeneyi akulipirapo K12,000. K90,000 ikagawidwa ndi K145,000 ikupereka 62 peresenti pa miyezi 6, imene ndi 124 peresenti pachaka. Ngati bungwe limaika kaphindu pa ndalama yosungitsayo, kaphinduko kamachotsedwa pa mtengo, koma kawirikawiri kamakhala kochepa kwambiri poyerekeza ndi chiwongoladzanja cha ngongole.

Ulendo wonse wa ngongoleyi ukuoneka motere:

| Zimene zawerengedwa | Mtengo wonse | Ndalama ya pakatikati | Pachaka |
|---|---|---|---|
| Nambala ya pachikwangwani kuchulukitsa ndi 12 | K72,000 | K300,000 | 48% |
| Kuganizira kuti ngongole ikutsika mwezi ndi mwezi | K72,000 | K175,000 | 82% |
| Kuphatikiza ndalama ya mapepala ndi inshuwalansi | K90,000 | K175,000 | 103% |
| Kuchotsa ndalama yosungitsa | K90,000 | K145,000 | 124% |

Kabwezedwe nakonso kamasintha mtengo. Ngongole yomweyi ikamabwezedwa mlungu uliwonse m'malo mwa mwezi uliwonse, ndalama imayamba kubwerera kubungwe patangotha masiku 7, ndipo ndalama ya pakatikati imatsika kufika pafupifupi K156,000. Mtengo wa fulati yekha umachoka pa 82 n'kufika pa 92 peresenti, ngakhale ndalama yonse yobweza ikhale yomweyo. Munthu akabweza msanga amagwiritsa ntchito ndalamayo nthawi yochepa, choncho ngati malipiro sanatsike, mtengo wakwera.

Kawerengedwe kolondola

Njira yogwiritsa ntchito ndalama ya pakatikati ndi yoyerekeza, koma imayandikira kwambiri ndipo imatheka ndi cholembera ndi kakyuleta ya pafoni. Akatswiri a zachuma amafuna chiwongoladzanja chotsika chimene chingapereke malipiro ofanana ndendende ndi amene ali pamgwirizano. Masamu ake ndi ovuta pamanja, koma amene ali ndi Excel kapena Google Sheets, pakompyuta kapena pafoni, akhoza kulemba mzere umodzi:

```
=RATE(6,-62000,252000,30000)*12
```

Nambala yoyamba ndi miyezi yobwezera, yachiwiri ndi ndalama yopereka mwezi uliwonse, yokhala ndi kamzere kutsogolo chifukwa ikutuluka, yachitatu ndi ndalama yolandira m'manja, ndipo yachinayi ndi ndalama yosungitsa imene idzabwerere pamapeto. Yankho limatuluka 1.22, kutanthauza 122 peresenti pachaka, kapena 10 peresenti ndi pang'ono pamwezi. Njira ya pamanja inapeza 124, choncho kusiyana kwake n'kochepa. Ngongole ikakhala ya zaka ziwiri kapena zitatu, monga zimene ogwira ntchito amadulidwa kumalipiro, njira ya pamanja imayamba kukokomeza, ndipo ndi bwino kudalira kompyuta.

Palinso muyeso wina umene umalembedwa kuti EIR. Uwu suchulukitsa ndi 12 chabe, koma umaganizira kuti chiwongoladzanja cha mwezi uliwonse nachonso chikanabala china. Pa ngongole ya mayi uja muyeso umenewu umadutsa 200 peresenti. Miyeso iwiriyi yonse ndi yovomerezeka, koma siyenera kusakanizidwa. Poyerekeza mabungwe awiri, onse ayesedwe ndi muyeso umodzi.

Phindu la kuwerengera kotereku limaoneka pomwe pali ngongole ziwiri zoti asankhepo. Bungwe lina likhoza kutchula 5.5 peresenti pamwezi, yotsika, popanda chodula ndiponso popanda chosungitsa. Poyang'ana zikwangwani, 4 ndiyo yaing'ono. Koma pa K300,000 yomweyo ndi miyezi 6 yomweyo, bungwe lachiwirili lidzalandira K57,750 yokha, ndipo mtengo wake pachaka ndi 66 peresenti. Wosankha nambala yaing'ono alipira K32,250 yoposa, n'kupitanso kokaoda ndi ndalama yochepera ndi K48,000.

Ngongole za masiku ochepa

Ena amanena kuti mtengo wa pachaka ulibe tanthauzo pa ngongole ya mwezi umodzi, popeza palibe amene akhale nayo chaka. Ntchito ya nambalayi si kulosera ndalama imene munthu adzalipire, koma kuika ngongole zonse pa sikelo imodzi, monga mmene mtengo wa kilogalamu umathandizira ngakhale kwa wogula theka. Ngongole ya pafoni ya K20,000 imene imabwezedwa K22,000 pakatha masiku 30 ili pa 10 peresenti pamwezi, imene ndi 120 peresenti pachaka. K2,000 yomweyo ikafunidwa pakatha mlungu umodzi, mtengo wake ndi 520 peresenti, chifukwa chaka chili ndi milungu 52. Wakatapila amene amapereka K50,000 n'kulandira K75,000 kumapeto kwa mwezi ali pa 600 peresenti pachaka. Ndiponso anthu ambiri amene amatenga ngongole zoterezi samatenga kamodzi. Amabweza lero n'kubwerekanso mawa, ndipo pakutha pa chaka amakhala atalipiradi mtengo wonsewo.

Banki m'khonde ili ndi kusiyana kumodzi kofunika. Gulu limene limabwereketsa pa 20 peresenti pamwezi lili pa 240 peresenti pachaka, nambala yoposa ya mabungwe ambiri. Koma chiwongoladzanjacho sichituluka m'gulu, chimagawidwa kwa mamembala tsiku logawana, molingana ndi masheya a aliyense. Membala wa masheya ambiri amene amabwereka pang'ono amapindula. Wa masheya ochepa amene amabwereka kwambiri amalandirako pang'ono chabe pa zimene analipira, ndipo kwa iye mtengo umakhalabe waukulu. Zimaipiratu munthu akabwereka kubanki m'khonde kuti akatseke ngongole ya kubungwe, chifukwa wasinthanitsa ngongole yotsikirapo ndi yodula.

Zimene nambala ya pachaka siziona

Mtengo wa pachaka umawerengedwa poganiza kuti zonse ziyenda monga zalembedwa. Chindapusa cha kuchedwa sichikhalamo, chonsecho malo ena chimawerengedwa tsiku ndi tsiku, ndipo kuchedwa kwa mlungu umodzi kungafanane ndi chiwongoladzanja cha mwezi. Pa ngongole za pagulu pali udindo wolipirira mnzake amene walephera kapena wathawa, ndipo ndalama yosungitsa ya onse ndi imene imayamba kugwidwa. Palinso ndalama ya basi kapena kabaza popita kumsonkhano ndi kubanki, ndalama yotumizira pafoni, komanso maola amene benchi yatsekedwa pamsika. Zoterezi zimalemera kwambiri pa ngongole yaing'ono: K2,000 ya ulendo mwezi uliwonse ndi yochepa pa ngongole ya K1,000,000, koma pa ngongole ya K50,000 ndi 4 peresenti inanso pamwezi.

Kubweza msanga nakonso kuli ndi msampha pa ngongole ya fulati. Pa chiwongoladzanja chotsika, womaliza ngongole mwezi wachitatu salipira za miyezi yotsalayo. Pa fulati, mapangano ena amafuna chiwongoladzanja chonse cha miyezi 6 ngakhale ndalama yabwerera m'miyezi 3. Zikatero wobweza msanga wadzikwezera yekha mtengo, chifukwa walipira zonse pa theka la nthawi. Mfundo imeneyi iyenera kufunsidwa asanasaine, osati tsiku limene ndalama yapezeka.

Chifukwa chake ngongole zing'onozing'ono zimadula

Mtengo wokwera sutanthauza nthawi zonse kuti bungwe likuba. Kubwereketsa K100 miliyoni kwa kampani imodzi kumafuna fayilo imodzi. Kubwereketsa ndalama yomweyo kwa anthu 1,000 kumafuna maofisala oyenda panjinga zamoto m'midzi, mafuta, maofesi m'maboma ndi kulondola aliyense mwezi ndi mwezi. Mabungwe ambiri saloledwa kusunga ndalama za anthu wamba monga amachitira mabanki, choncho nawonso amabwereka pa chiwongoladzanja. Kukwera kwa mitengo ya zinthu ndi kugwa kwa ndalama kumawonjezera katunduyu. Pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, bungwe lililonse limene linabwereka madola kunja linadzuka ndi ngongole yokulirapo, pamene makasitomala ake ankabweza makwacha.

Komabe vuto la kubisa mtengo ndi lodziwika padziko lonse. Mu 2007 bungwe la Compartamos la ku Mexico linagulitsa masheya ake pamsika n'kupindulitsa eni ake kwambiri, pamene amayi obwereka kumeneko ankalipira pafupifupi 100 peresenti pachaka. Mkangano umene unabuka unathandiza kuti mu 2008 pakhazikitsidwe bungwe la MFTransparency, limene linkasonkhanitsa mapangano enieni a ngongole m'maiko osiyanasiyana n'kumafalitsa mtengo wake wa pachaka. Ku Zambia, banki yaikulu ya dzikolo inaika malire a 42 peresenti pachaka pa mabungwe a ngongole zing'onozing'ono mu 2013, koma inawachotsa mu 2015. Chovuta cha malire otere n'chakuti obwereketsa ena amasiya kupereka ngongole zazing'ono zakumidzi, pamene ena amasamutsira mtengo ku ndalama zodula zimene lamulo silinazitchule. N'chifukwa chake kuulula mtengo wathunthu kumakhalabe kofunika, kaya malire alipo kapena palibe.

Kuyeza ngongole ndi phindu la geni

Mtengo ukadziwika, funso lotsala ndi lakuti geniyo ingausenze. Ngongole ya mayi uja ikudya pafupifupi K10 pa K100 iliyonse mwezi uliwonse, kapena kuti K15,000 pamwezi. Phindu liyenera kuwerengedwa pa K145,000 imene ikugwiradi ntchito, osati pa K300,000 ya pafomu, ndiponso atachotsa ndalama ya mayendedwe, chiphaso cha pamsika ndi zovala zotsalira zimene zimagulitsidwa motchipa. Ngati K100 iliyonse ikubala K15 pamwezi, mpamba wobwerekawo ukubweretsa K21,750, ndipo akachotsa K15,000 akutsala ndi K6,750. Ngongoleyo ikumupindulira, ngakhale kuti gawo lalikulu la thukuta lake likupita kubungwe. Ngati K100 ikubala K8 yokha, ukubweretsa K11,600, ndipo mwezi uliwonse K3,400 ikuchoka pa mpamba wake wakale.

Geni imene katundu wake amatha msanga, monga tomato, mandasi kapena usipa, imatha kusenza mtengo wokwera chifukwa ndalama imazungulira kangapo pamwezi. Ulimi wa chimanga kapena fodya ndi wosiyana: ndalama imalowa m'nthaka mvula ikamayamba ndipo imatuluka pokolola, patatha miyezi ingapo. Ngongole yobweza mwezi ndi mwezi imafuna ndalama munda usanabale kanthu, ndipo mlimi amakakamizika kugulitsa mbuzi kapena kugulitsiratu mbewu zili m'munda pamtengo wolira. Ngongole yolipirira fizi, maliro kapena chipatala siibala phindu lililonse, choncho mtengo wake wonse umachoka pa chakudya cha pakhomo.

Zizindikiro zakuti ngongole yaposa mphamvu ya geni zimaoneka msanga kwa wosunga kabuku. Katundu pabenchi amachepa ulendo uliwonse wokaoda, mpaka kutsika kuposa mmene analili ngongole isanabwere. Ndalama yobweza imayamba kuchokera kwa achibale, kubanki m'khonde kapena kwa wakatapila. Ngongole yatsopano imatengedwa tsiku lomwe yakale yatha, osati chifukwa geni yakula, koma chifukwa popanda iyo palibe chokaodera.

Zofunika kukhala nazo asanasaine

Kuwerengera konseku kumatheka ndi manambala ochepa, ndipo bungwe lililonse lili nawo. Wobwereka ayenera kupatsidwa, molembedwa, ndalama imene alandire m'manja zonse zitadulidwa, ndalama yopereka ulendo uliwonse ndi masiku ake, chiwerengero cha maulendo obwezera, ndalama yosungitsa ndi tsiku limene idzabwezedwe, chindapusa cha kuchedwa, ndi zimene zimachitika akabweza msanga. Ndalama zonse zotuluka, kuchotsapo zonse zolowa, ndiwo mtengo m'makwacha. Pa chitsanzo chija, zotuluka ndi K372,000, zolowa ndi K252,000 ya pachiyambi ndi K30,000 ya pamapeto, ndipo kusiyana kwake ndi K90,000 yomwe ija. Nambala imodzi imeneyi yokha ndi yokwanira kufananitsa ngongole ziwiri zofanana kukula ndi nthawi. Zikasiyana kukula kapena nthawi, m'pamene pamafunika kuisandutsa peresenti ya pachaka.

Ku Malawi, mabungwe a ngongole zing'onozing'ono amayendetsedwa ndi lamulo limene linakhazikitsidwa mu 2010, ndipo amayang'aniridwa ndi Banki Yaikulu ya dziko, imene imapereka ziphaso zogwirira ntchitoyi. Wobwereka akhoza kupempha kuona chiphasocho, kutenga mgwirizano kukauwerenga kunyumba asanasaine, ndi kusunga kope lake pamodzi ndi malisiti onse. Ngati ndalama zodulidwa zikusiyana ndi zolembedwa, dandaulo limayambira kubungwe lomwelo, ndipo likapanda kuthetsedwa limapita ku nthambi ya Banki Yaikulu yoteteza anthu ogwiritsa ntchito mabungwe a zachuma. Wobwereketsa wopanda chiphaso amakhala kunja kwa dongosolo limeneli, ndipo amene wabwereka kwa iye amavutika kupeza kokadandaula mtengo ukasintha pakati panjira.